Thandizo loyamba kwa munthu wolumidwa ndi njoka ku Machinga ndi Balaka

Thandizo loyamba kwa munthu wolumidwa ndi njoka ndi zonse zimene achibale kapena anthu opezeka pafupi amachita kuyambira pamene njoka yaluma mpaka wodwalayo atafika m'manja mwa achipatala. Thandizoli silichotsa ululu wa njoka m'thupi. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kufalikira kwa ululuwo, kuteteza kupuma kwa wodwala ndiponso kumufikitsa msanga kumene angalandire mankhwala. Njira zambiri zotchuka m'midzi, monga kumanga mwendo mothina, kutema pabala, kuyamwa ndi kuikapo mwala wakuda, sizichita chilichonse mwa zitatuzi, ndipo zina zimaonjezera vuto. M'nkhani ino mawu akuti ululu akutanthauza poizoni wa njoka.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo ena ochuluka kuposa amenewa amadulidwa ziwalo kapena kulumala. Mu 2017 bungweli linaika vutoli pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuchepetsa imfa ndi kulumala kumeneku ndi theka pofika 2030.

Dera ndi zipatala zake

Mbali yaikulu ya Balaka ndi Machinga ndi yotsika komanso yotentha. Mtsinje wa Shire umadutsa pakati pa maboma awiriwa, nkhalango ya Liwonde ili m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo kum'mawa kwa Machinga kuli madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Anthu amakumana ndi njoka polima, pokolola mpunga kapena thonje, potola nkhuni, poweta ziweto ndiponso poyenda usiku popanda tochi. Ngoziyi imakula m'nyengo ya dzinja, pamene udzu watalika ndipo madzi alowa m'mauna.

Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ndipo cha boma la Balaka chili pa boma pomwepo. Odwala ofunika thandizo loposa pamenepa amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Zomba. Munthu wolumidwa kumadera monga Nayuchi, Chikweo, Ntaja, Utale, Phalula kapena Ulongwe amayamba wafika pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo ulendo wonse ukhoza kutenga maola angapo, makamaka misewu ikaterera. Zimene zachitidwa m'maola amenewa zikhoza kupulumutsa mwendo kapena kuuwononga.

Mmene ululu umagwirira ntchito

Njoka zoopsa za m'derali zimavulaza m'njira zitatu, ndipo kudziwa njirazi kumathandiza kumvetsa chifukwa chake zikhulupiriro zina zili zoopsa.

Njira yoyamba ndi yowononga mnofu. Umu ndi mmene umagwirira ntchito ululu wa mphiri, njoka yonenepa yomwe imangokhala phee panjira osathawa, ndiponso wa mamba wolavula, amene akatswiri amamutcha Naja mossambica. Njoka yachiwiriyi imalowa m'nyumba usiku ndipo imatha kuluma munthu ali m'tulo. Pamalo polumidwa pamawawa kwambiri, pamatupa, kenaka pakhoza kutuluka matuza ndi kuyamba kuwola. Kutupaku kumakwera pang'onopang'ono kwa maola ambiri.

Njira yachiwiri ndi yofooketsa minyewa. Chitsanzo chake ndi mamba wakuda, Dendroaspis polylepis. Pabala sipatupa kwenikweni, koma pasanathe ola limodzi munthu akhoza kuyamba kutuluka thukuta ndi dovu, zikope zimalemera, mawu samveka bwino ndipo kumeza kumavuta. Mapeto ake minyewa yopumira imaleka kugwira ntchito. Chimene chimapha apa ndi kulephera kupuma.

Njira yachitatu ndi yolepheretsa magazi kuundana, monga zimachitikira ndi nalikukuti. Munthu akhoza kuoneka wabwinobwino kwa maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu, kenaka n'kuyamba kutuluka magazi m'nkhama, m'mphuno, mumkodzo kapena pazilonda zakale.

Njoka ikaluma, ululu sukhala pakhungu. Mano ake ali ngati jakisoni, ndipo amausiya mkati mwa mnofu. Kuchokera pamenepo ululu wambiri umayenda m'timitsempha tating'ono tonyamula madzi a m'thupi, timene timadutsa m'malo otuluka mwanabele monga m'mphechepeche ndi m'khwapa, usanalowe m'magazi. Madzi a m'timitsemphati sapopedwa ndi mtima. Amakankhidwa ndi minofu munthu akamayenda kapena kugwedeza chiwalo. N'chifukwa chake kuthamanga kumafulumizitsa ululu, pomwe kusagwedeza mwendo kumauchedwetsa.

Zikhulupiriro zofala

Kumanga mothina. Anthu ambiri amamanga pamwamba pa bala ndi mphira, chingwe, luzi kapena mpango, poganiza kuti akutsekereza ululu kuti usafike kumtima. Kumanga kotere kumatsekanso magazi opita kumwendo. Minofu ndi mitsempha zikasowa magazi kwa maola awiri zimayamba kuwonongeka, ndipo pakatha maola pafupifupi 6 mnofu umafa. Ngati yaluma ndi mphiri kapena mamba wolavula, vutoli limakhala pawiri, chifukwa ululu wowononga mnofu umaunjikana pamalo amodzi opanda magazi, ndipo mwendo ukamatupa chingwecho chimalowerera. Anthu ena adulidwa mwendo chifukwa cha chingwe ngakhale kuti njoka imene inawaluma inali yopanda ululu woopsa. Zizindikiro zoti pamangidwa mothina kwambiri ndi zala zozizira, zochita dzanzi ndi zosintha mtundu.

Kutema ndi kuyamwa. Kutema mphini ndi lezala pabala kumatulutsa magazi, koma sikufika pamene pali ululu, umene umakhala utalowerera kale mumnofu. Lezala ikhoza kudula mtsempha, makamaka padzanja ndi paphazi pomwe mitsempha ili pafupi ndi khungu, ndipo imatsegula njira ya tizilombo toyambitsa mafinya ndi kafumbata. Ngati ululu walepheretsa magazi kuundana, mphini zing'onozing'ono zomwezo zimakha magazi osaleka. Kuyamwa nako sikuthandiza. Mu 2004 akatswiri a ku America anayesa kachipangizo kopopera pabala pogwiritsa ntchito madzi ofanizira ululu, ndipo anapeza kuti kanachepetsa madziwo m'thupi ndi magawo pafupifupi 2 pa 100 alionse. Pakamwa pa munthu sipangapose kachipangizoko.

Mwala wakuda. Chimene chimatchedwa mwala wakuda si mwala weniweni koma fupa la ng'ombe lowotchedwa mpaka kukhala ngati khala. Unafalikira m'maiko ambiri a mu Africa kudzera mwa amishoni. Umamatirira pabala chifukwa uli ndi timabowo tambiri timene timamwa chinyezi, ndipo kumamatiraku n'kumene kumachititsa anthu kukhulupirira kuti ukukoka ululu. Kafukufuku wochitidwa pa mbewa ndi kufalitsidwa mu 2007 sanapeze kuti mwalawu umateteza ku ululu. Komanso ouika amayamba atema pabala, choncho zoopsa za kutema zimabwera nawo limodzi.

Zomwa ndi zopaka. Ena amamwetsa wodwala zitsamba zosanzitsa, mowa kapena palafini, ndipo ena amapaka pabala phulusa, fodya kapena masamba otafuna. Ululu suli m'mimba, choncho kusanza sikuutulutsa. Kwa munthu amene minyewa yomezera yayamba kufooka, chakumwa chilichonse kapena masanzi zikhoza kulowa m'mapapo n'kumutsamwitsa. Mowa umasokoneza zizindikiro zimene achipatala amayang'ana, monga kugwa kwa zikope ndi kusamveka kwa mawu. Kuwotcha pabala ndi moto kapena kuikapo madzi oundana kumangowonjezera kufa kwa mnofu.

Kusaka njoka. Si zoona kuti achipatala sangathandize popanda kuona njoka. Amathandiza potengera zizindikiro za wodwala. Kusaka njoka kumataya nthawi ndipo kumadzetsa wolumidwa wachiwiri. Mutu wa njoka yophedwa kumene umathabe kuluma. Palinso kanjoka kakuda konyezimira kokhala m'nthaka, Atractaspis bibronii, kamene kamabaya chala ndi dzino lotulukira m'mbali ngakhale munthu atakagwira kuseri kwa mutu. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa patali n'chokwanira, ngati chingatheke popanda kuchedwa.

Chifukwa chake zikhulupirirozi sizitha

Njirazi zimaoneka ngati zikugwira ntchito chifukwa anthu ambiri olumidwa akanachira ngakhale popanda kuchitidwa kanthu. Njoka zambiri za m'Malawi zilibe ululu woopsa kwa munthu, ndipo ngakhale njoka yaululu nthawi zina imaluma osasiya ululu, kapena imasiya wochepa. Munthu wotere akatemedwa mphini n'kudzuka ali bwino, ulemu umapita kwa mphinizo. Amene walandira ululu wambiri ndiye amaonetsa malire a njirazi, ndipo nthawi zambiri amafika kuchipatala mochedwa.

Palinso zifukwa zina zomveka. Sing'anga ali pafupi, amapezeka usiku ndipo akhoza kulipidwa pambuyo pake, pomwe kabaza amafuna ndalama pompo. Mabanja ena amakhulupirira kuti njoka yolowa m'nyumba ndi yotumidwa ndipo siingatheke ndi mankhwala achizungu. Enanso anapitapo kuchipatala n'kupeza mankhwala a njoka kulibe. Kafukufuku wa m'boma loyandikana nalo la Neno, kumene kumagwira ntchito bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, waonetsa kuti olumidwa ambiri amadalira asing'anga ndiponso kuti ogwira ntchito zachipatala amafunika maphunziro owonjezera pankhaniyi. Komabe ululu umachita zomwezo m'thupi kaya njoka inabwera bwanji, ndipo banja lofuna kufunsira za chimene chinachititsa likhoza kutero wodwala atafika kale kuchipatala.

Zimene zimathandiza panjira

Choyamba ndi kuchoka pamene pali njoka, mtunda wochepa chabe, kenaka wodwala akhale kapena agone pansi. Omuzungulira amulimbitse mtima ndi mawu oona, akuti ambiri olumidwa amachira. Mantha amathamangitsa mtima ndipo amabweretsa zizindikiro zosokoneza, monga chizungulire ndi kupuma mofulumira.

Chachiwiri ndi kuvula chilichonse chothina pachiwalo cholumidwa kutupa kusanayambe: mphete, zibangili, wotchi, nsapato ndi mikanda. Mphete yosiyidwa pachala chotupa imagwira ntchito ngati chingwe chija.

Chachitatu ndi kuletsa chiwalocho kugwedezeka, monga amachitira ndi fupa lothyoka. Ngati ndi mwendo, aike thabwa, nsungwi kapena mpini m'mbali mwake kuyambira kuphazi mpaka kupitirira bondo, n'kumanga ndi nsalu mosathina, moti chala chizitha kulowa pansi pa nsaluyo. Ngati ndi mkono, aukoleke pachifuwa ndi chitenje. Pabala penipeni angophimbapo ndi kansalu koyera. Azibwereza kuona mfundozo panjira, chifukwa chiwalo chikatupa zimathina zokha.

Chachinayi ndi kunyamula wodwala m'malo momuyendetsa. Machira a mitengo iwiri ndi bulangete, ngolo, njinga yokankhidwa kapena galimoto zonse n'zabwino kuposa kuyenda pansi. Panjinga yamoto wodwala akhale pakati, wina akhale kumbuyo kwake kumugwira, chifukwa akhoza kufooka mwadzidzidzi. Ngati munthu ali yekha kutchire ndipo palibe womumva, ayende pang'onopang'ono kukafuna thandizo, osathamanga.

Chachisanu ndi kuyang'anira kupuma. Wodwala amene akusanza, akuodzera kapena akutuluka dovu agonekedwe chammbali, nkhope itapendekera pansi, kuti masanzi asalowe kummero. Asapatsidwe chakudya kapena chakumwa ngati kumeza kwayamba kuvuta. Akasiya kupuma, wina amuuzire mpweya pakamwa kamodzi pa masekondi 5 kapena 6 alionse mpaka kufika kuchipatala. Ululu sungapatsirane kudzera mumpweyawu. Munthu wofooketsedwa ndi ululu wa mamba akhoza kuoneka ngati wakomoka pamene akumva zonse zolankhulidwa.

Pochepetsa kuwawa, panado ndiye woyenera. Asipirini, bufeni ndi indosidi sayenera, chifukwa amawonjezera kutaya magazi ndipo akhoza kuvulaza impso. Operekeza akumbukire nthawi imene njoka inaluma, atenge buku la kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka aimbire mlangizi wa zaumoyo kapena chipatala kuti akonzekere. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, imene ntchito yake inayambira ku Balaka mu 2011, ndi ya uphungu, ndipo kuimba kusachedwetse kunyamuka.

Pali njira ina yokulunga chiwalo chonse ndi bandeji yotamuka, imene inayambira ku Australia. Imathandiza pa njoka zofooketsa minyewa zokha, ndipo imafuna munthu wophunzitsidwa kathinidwe kake. Siyenera pa mphiri kapena mamba wolavula. Pamene njoka siikudziwika ndipo pabala pakutupa, thabwa ndi ulendo wachangu n'zokwanira.

Ngati wodwala wapezeka atamangidwa kale mothina kwa nthawi yaitali, kumasula mwadzidzidzi panjira kukhoza kulowetsa ululu wambiri m'magazi nthawi imodzi. Choyenera ndi kufulumira naye kuchipatala chapafupi n'kunena nthawi imene anamangidwa, kuti achipatala amasule ali okonzeka kumuthandiza.

Ululu wolowa m'maso

Mamba wolavula amatha kuponya ululu m'maso mwa munthu ali pamtunda wa mamita awiri kapena kuposerapo. Maso amawawa ngati mwalowa tsabola ndipo zikope zimakana kutseguka. Apa thandizo loyamba limachitadi ntchito yaikulu. Atsegule zikopezo ndi zala n'kuthira madzi oyera ambiri mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, mutu utapendekera kuti madziwo asalowe m'diso linalo. Madzi akasowa, mkaka ukhoza kugwira ntchito. Asatikite maso kapena kuthiramo madzi a zitsamba. Wodwala apitebe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kachilonda ka padiso kosaoneka ndi maso kakhoza kuchita mafinya n'kuchititsa khungu.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mayi wina wa m'mudzi wakufupi ndi Utale waponda mphiri akupita kumunda nthawi ya 6:00 m'mawa, ndipo yamuluma pamwamba pa kakolo. Mwana wake akumukhazika pansi patali ndi njokayo, akumuvula nsapato, ndipo akumangirira mpini wa khasu m'mbali mwa mwendo ndi zidutswa za chitenje. Ndi bolopeni akulemba mzere pakhungu pamene kutupa kwalekezera, ndi nthawi yake: 6:15. Anthu anayi akumunyamula pamachira mpaka pamsewu, kenaka akukwera njinga yamoto, mwanayo atakhala kumbuyo.

Pofika pachipatala chaching'ono nthawi ya 7:15, kutupa kwadutsa mzere uja n'kufika pakati pa katumba. Namwino akuona kuti kwakwera chonchi mu ola limodzi lokha, ndipo mzerewo ndi umboni womuthandiza kugamula zomutumiza msanga kuchipatala cha boma ku Balaka m'malo modikira. Akumuika diripi, akumupatsa mankhwala ochepetsa kuwawa ndi katemera wa kafumbata. Mayiyu akufika ku Balaka dzuwa lisanafike paliwombo, zala zake zili zofunda ndipo magazi akuyendamo.

Tiyerekezenso kuti mayi yemweyo anamangidwa mphira pansi pa bondo nthawi ya 6:10, anatemedwa mphini, n'kusungidwa pakhomo mpaka madzulo kuti aone ngati zitsamba zigwire ntchito. Pofika 12:00 masana phazi lakhala maola pafupifupi 6 lopanda magazi. Ngakhale atalandira mankhwala a njoka usiku umenewo, mankhwalawo sangadzutse mnofu umene wafa kale. Njoka ndi imodzimodzi ndipo ululu ndi wofanana, koma mayi wachiwiriyu ali pangozi yodulidwa mwendo.

Akanakhala mamba wakuda, ndondomeko ikanakhala yomweyo, koma chowerengera sichikanakhala mzere wa pakhungu. Operekeza akanayang'ana zikope, mawu ndi kapumidwe, ndipo mphindi iliyonse yochedwa ikanakhala yoopsa kwambiri.

Zimene zimachitika kuchipatala

Achipatala amayeza kuthamanga kwa magazi, kapumidwe ndi kukula kwa chotupa. Pali kuyeza kwina kosavuta: amaika magazi ochepa m'kabotolo kagalasi koyera ndi kouma, n'kukasiya mphindi 20 osakagwedeza. Magaziwo akapanda kuundana, ndiye kuti ululu wawononga mphamvu yawo youndana. Ngakhale munthu amene alibe chizindikiro chilichonse amayenera kuonedwa kwa maola 24, chifukwa zizindikiro zina zimachedwa.

Mankhwala okhawo amene amalimbana ndi ululu weniweniwo ndi antivenomu, amene amapangidwa kuchokera m'magazi a nyama monga akavalo zimene zabayidwa ululu pang'onopang'ono. Amaperekedwa kudzera mumtsempha, ndipo si wolumidwa aliyense amene amawafuna. Amaperekedwa pamene kutupa kukukwera mofulumira, minyewa ikufooka, magazi sakuundana kapena kuthamanga kwa magazi kwatsika kwambiri. Mwana amalandira mlingo wofanana ndi wa munthu wamkulu, chifukwa mlingowo umatengera kuchuluka kwa ululu, osati kukula kwa thupi. Mankhwalawa amatha kuwenga anthu ena moopsa, choncho amaperekedwa pali jakisoni wa adirenalini pafupi, ndipo sangasungidwe kunyumba.

Antivenomu ndi wodula ndipo amasowa kawirikawiri m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Palinso njoka zina, monga nalikukuti ndi kanjoka kakuda ka m'nthaka kaja, zimene zilibe antivenomu wake. Izi sizitanthauza kuti ulendo wa kuchipatala ndi wachabe. Diripi, kuwonjezera magazi, kuthandiza kupuma ndi chipangizo chopopera mpweya, kutsuka ndi kuchotsa mnofu wakufa, katemera wa kafumbata ndi kutumiza wodwala ku Zomba ndi zinthu zimene zimapulumutsa moyo ndi ziwalo, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene chingachitikire pakhomo.